Kugulitsa Zopindula ndi Kusunga Zoluza: Kuyerekeza Njira Zodziletsera Pamsika wa Masheya

Tiyerekeze kuti munthu wina anaika K2,000,000 m'masheya a makampani awiri chaka chatha, K1,000,000 ku kampani iliyonse. Lero masheya a kampani yoyamba akwera kufika pa K1,300,000, pamene a kampani yachiwiri atsika mpaka K700,000. Sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, pakufunika K700,000 ya fizi, ndipo palibe kwina kumene ndalamayo ingachokere koma kugulitsa ena mwa masheyawa. Anthu ambiri akafika pamenepa sachedwa kuganiza. Amagulitsa masheya amene akwera, chifukwa kutero kumawapatsa chimwemwe choti apindula, ndipo amasunga amene atsika uku akudziuza kuti adzawagulitsa mtengo ukadzabwerera pamene anagulira.

Akatswiri a zachuma anamanga chiphunzitso chawo kwa zaka zambiri pa munthu amene sachita zimenezi. Munthu wa m'chiphunzitsocho, amene amapezeka m'masamu a Harry Markowitz a 1952 komanso m'ganizo la Eugene Fama la 1970 loti mitengo ya pamsika imasonyeza kale zonse zimene zikudziwika, amayang'ana kutsogolo kokha. Kwa iye mtengo umene anagulira ndi mbiri yakale imene singasinthe chilichonse pa zimene kampani idzapange mawa. Funso lake ndi limodzi, loti mwa makampani awiriwa ndi iti imene ili ndi tsogolo losalimba poyerekeza ndi mtengo wake wa lero, ndipo imeneyo ndi imene amagulitsa, kaya yamupindulira kaya yamuluzitsa. Chuma chake chonse ndi K2,000,000, ndipo akachotsapo fizi chidzakhala K1,300,000 mosatengera mbali imene wagulitsa.

Katswiri wa zachuma Terrance Odean anafuna kudziwa ngati anthu enieni amachita ngati munthu wa m'chiphunzitsoyu. Mu 1998 anafalitsa zimene anapeza atafufuza maakaunti 10,000 a makasitomala a kampani ina yogulitsa masheya ku America, kuyambira 1987 mpaka 1993. Nthawi iliyonse imene kasitomala wagulitsa kanthu, Odean ankawerengera masheya onse amene munthuyo akanatha kugulitsa tsikulo, opindula ndi oluza omwe. Anapeza kuti anthu ankagulitsa 14.8 peresenti ya masheya opindula amene anali nawo, koma 9.8 peresenti yokha ya oluza. Chowawa kwambiri n'chakuti chiyembekezo chawo sichinkakwaniritsidwa, pakuti m'chaka chotsatira masheya amene anagulitsidwa atakwera ankaposa amene anasungidwa atatsika ndi 3.4 peresenti. Mwezi wa Disembala wokha ndi umene khalidweli linkatembenuka, chifukwa malamulo a msonkho a ku America amalola munthu kuchepetsa msonkho wake akagulitsa moluza chaka chisanathe.

Chimene chimayambitsa khalidweli anachifotokoza Daniel Kahneman ndi Amos Tversky mu 1979, ndipo mu 1992 anachiyeza ndi nambala. Munthu samva chuma chake monga chilili chonse pamodzi, koma amamva kusintha kuchokera pamalo ena amene waika m'maganizo mwake, ndipo pamsika wa masheya malo amenewo nthawi zambiri amakhala mtengo wogulira. Kuwawa kotaya ndalama anakupeza kuti kumaposa kukoma kopeza ndalama yofanana nayo pafupifupi kawiri ndi kota, kapena kuti 2.25. Zikatero, kuluza K100,000 kumapweteka mofanana ndi mmene kupeza K225,000 kumakomera. Malinga ngati munthu sanagulitse, amatha kudziuza kuti sanaluze, koma tsiku limene wasaina kuti agulitse pa K700,000 ndi limene bala limaonekera, ndipo limodzi ndi balalo pamabwera kuvomereza kuti anasankha molakwika.

Vuto lachiwiri limakokera kwina, ndipo ndi kudzikhulupirira mopitirira muyeso. Munthu woganiza mwa masamu okha sagulitsa masheya a kampani ina n'kugula a inzake pokhapokha ngati phindu limene akuyembekezera likuposa ndalama zolipira pogula ndi pogulitsa. Brad Barber ndi Odean yemweyo anatsatira mabanja 66,465 kuyambira 1991 mpaka 1996. Msika wonse unkapindula 17.9 peresenti pachaka, koma mabanja amene ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi kuposa onse ankatsala ndi 11.4 peresenti atachotsa zolipira. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa mpaka munthu atakuwerengera kwa zaka zisanu ndi chimodzi: madola 10,000 okula ndi 17.9 peresenti amafika pafupifupi 26,900, pamene okula ndi 11.4 peresenti amaima pafupifupi pa 19,100. Anthu amenewa sanali aulesi kapena osatsata nkhani za msika, koma ankakhulupirira kuti akudziwa zimene wogula kapena wogulitsa wa mbali inayo sakudziwa.

Mavuto awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, zotsatira zake zimakhala zodziwika bwino. Kudzikhulupirira kumamuchititsa kugula kawirikawiri, kuopa kuluza kumamuletsa kutaya zimene zalephera, ndipo pakapita zaka akaunti yake imadzaza ndi makampani otsika okhaokha, popeza onse abwino anawagulitsa atangokwera pang'ono. Njira zodzitetezera zilipo zingapo, ndipo sizifanana mphamvu.

Kudalira kudziwa kokha

Njira yoyamba imene aliyense amaiganizira ndi yoti munthu akangodziwa za mavutowa ndiye kuti wachira. Ndi njira yosalipira chilichonse, ndipo ndi yofooka kuposa zonse. Michael Haigh ndi John List mu 2005 anayesa amalonda odziwa ntchito a pamsika waukulu wa ku Chicago pamodzi ndi ophunzira a kuyunivesite pa masewera a ndalama, ndipo anapeza kuti amalondawo ankasonyeza kuopa kuluza kwa kanthawi kochepa kuposa ophunzirawo. Ngati anthu amene amadyera pamsika tsiku ndi tsiku sanathe kuchotsa manthawa, n'zokayikitsa kuti munthu amene wangowerenga za iwo angawathe. Palinso ngozi ina yobisika, yoti kudziwa mayina a mavutowa kumawonjezera kudzikhulupirira, chifukwa munthu amayamba kuwaona mwa anzake onse n'kumadziyesa kuti iye yekha ndiye wapulumuka.

Komabe m'njira imeneyi muli chida chimodzi chothandiza, chimene ndi funso loti: ndikanakhala ndi K700,000 m'manja lero, kodi ndikanagula masheya a kampani imeneyi pamtengo wa lero? Ngati yankho ndi ayi, kuwasunga n'chimodzimodzi ndi kuwagula, ndipo chimene chikuwasungitsa ndi mtengo wakale basi. Funsoli limagwira ntchito chifukwa limachotsa mtengo wogulira patsogolo pa maso. Kufooka kwake n'kwakuti wofunsa ndi woyankha ndi munthu mmodzi, ndipo munthu amene sakufuna kuvomereza kuti analakwa sasowa zifukwa zoyankhira kuti inde.

Kuika malire musanagule

Njira yachiwiri ndi kusankhiratu, mtima uli m'malo, pamene mudzagulitsire zinthu zikadzavuta. Munthu wa chitsanzo chathu akanati pa tsiku logula alembe kuti masheya alionse akatsika ndi 15 peresenti agulitsidwe, akanatuluka pa K850,000 m'malo mofika pa K700,000. Masamu a kubwerera amasonyeza chifukwa chake malire otere ali ndi tanthauzo. Kuchoka pa K850,000 kubwerera pa K1,000,000 kumafuna kukwera kwa pafupifupi 18 peresenti, kuchoka pa K700,000 kumafuna 43 peresenti, ndipo masheya amene atsika ndi theka ayenera kuwirikiza kawiri kuti mwini wake angobweza mpamba wake.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa malire amene amagwira ntchito okha ndi malire amene amangokumbutsa. Urs Fischbacher ndi anzake awiri anayesa zimenezi ndipo anafalitsa zotsatira mu 2017: anthu amene anapatsidwa mwayi woika lamulo logulitsa lokha mtengo ukafika pamalire anachepetsa khalidwe losunga zoluza, koma amene ankangokumbutsidwa kuti malire awo afika sanasinthe kwenikweni. Izi n'zosadabwitsa, pakuti chikumbutso chimabwezera chisankho m'manja mwa munthu pa nthawi yeniyeni imene mtima wake ukuwawa, ndipo iye amangosuntha malirewo n'kunena kuti adikirebe sabata imodzi.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Masheya a kampani yabwino amatha kutsika ndi 15 peresenti popanda chifukwa chokhudza kampaniyo, ndipo lamulo losaganiza limakugulitsirani pansi penipeni mtengo usanakwerenso. Pa 6 Meyi 2010 misika ya ku America inagwa mwadzidzidzi n'kubwereranso pasanathe ola limodzi, ndipo ena amene anali ndi malamulo oterewa anapeza kuti masheya awo agulitsidwa pamitengo yotsika kwambiri kuposa malire amene anaika. Lamuloli limangonena nthawi yoyamba kugulitsa, silitsimikiza mtengo umene mudzalandire. Pamsika waung'ono ngati wa ku Blantyre, umene uli ndi makampani osafika makumi awiri ndipo masheya ena amatha masiku osapeza wogula, vutoli limakula, chifukwa malire amatha kufika koma wogula osapezeka. Kuwonjezera apo, malire a mtengo sachiza kudzikhulupirira. Amene amagula mwaphuma n'kumatulutsidwa ndi malire ake mwezi ndi mwezi amangochulukitsa zolipira. Ngati kugula kumadya 2 peresenti ndipo kugulitsa kumadya 2 peresenti inanso, munthu amene amasinthanitsa masheya ake onse katatu pachaka amataya pafupifupi 12 peresenti ya mpamba wake asanapindule kalikonse.

Chifukwa cha zimenezi, kwa munthu amene akusunga masheya kwa zaka ndimaona kuti malire olembedwa pa zifukwa amaposa malire olembedwa pa mtengo. Pa tsiku logula munthu alembe m'kope chifukwa chimene wagulira, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikadzachitika zidzasonyeza kuti chifukwacho chatha, monga phindu la kampani kutsika zaka ziwiri zotsatizana, ngongole zake kukula mofulumira kuposa malonda, kapena kuleka kugawa phindu kwa eni masheya popanda kufotokoza komveka. Kope limeneli lili ndi ntchito yachiwiri imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa yoyamba. Pakatha zaka ziwiri, munthu akaliwerenga amaona yekha kuti mwa zolosera zake khumi ndi zingati zimene zinachitikadi, ndipo umenewu ndi mankhwala amodzi mwa ochepa amene amafika pamuzu wa kudzikhulupirira, popeza kukumbukira kwathu kumasunga zimene tinalondola n'kutaya zimene tinaphonya.

Kupereka chisankho kwa wina

Njira yachitatu ndi kusiyira katswiri woyang'anira thumba la ndalama zosonkherana kuti asankhe m'malo mwanu. Apa pali chinthu chochititsa chidwi chimene Tom Chang, David Solomon ndi Mark Westerfield anafalitsa mu 2016. Anthu amene amakakamira masheya oluza amene anasankha okha savutika kuchoka m'thumba limene laluza m'manja mwa katswiri, ndipo amachoka msanga. Chifukwa chake n'chakuti pali wina womuloza chala, choncho kugulitsa sikukhalanso kudzitsutsa. Izi zikusonyeza kuti chimene chimagwira dzanja la munthu si kutaya ndalama kokha, koma manyazi a kulakwa.

Tsoka lake n'lakuti vuto limodzi likachoka, lina limalowa. Munthu amene amathawa thumba lililonse likangotsika n'kuthamangira limene linapambana chaka chatha amagula pamwamba n'kugulitsa pansi, ndipo kudzikhulupirira kwake kwangosamuka kuchoka pa kusankha makampani kupita pa kusankha akatswiri. Katswiri nayenso ndi munthu, ndipo amalipidwa chaka ndi chaka kaya wapindula kaya ayi. Musanasankhe njira imeneyi ndi bwino kufunsa ndalama zonse zimene zimadulidwa pachaka, ngati mlangizi amalandira zambiri mukamagula ndi kugulitsa kawirikawiri, ndiponso ngati ali ndi chilolezo cha oyang'anira mabungwe a zachuma, amene ku Malawi ndi banki yaikulu ya dziko.

Kugula msika wonse ndi kuchepetsa kuyang'ana

Njira yachinayi imachotseratu funso loti ndigulitse kampani iti. M'malo mosankha makampani, munthu amagula kagawo ka makampani onse a pamsika kudzera m'thumba lotsata msika, ngati limene John Bogle anayambitsa kwa anthu wamba ku America mu 1976, ndipo amaikamo ndalama yofanana mwezi uliwonse osayang'ana ngati mitengo yakwera kapena yatsika. Kudzikhulupirira kumasowa pogwira chifukwa palibe chosankha. Mtengo wogulira umasiyanso kukhala nambala imodzi yoonekera, popeza munthu amene wagula miyezi makumi atatu pamitengo makumi atatu sangakumbukire kuti ndi uti umene ayenera kubwererapo. Penshoni ya antchito imayenda mofanana ndi zimenezi. Lamulo la ku Malawi limati wolemba ntchito aziika osachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito aziika 5 peresenti, ndipo ndalamazo zimakula popanda mwini wake kupanga chisankho chilichonse cha mwezi ndi mwezi.

Kuopa kuluza sikutheratu m'njira imeneyi, chifukwa msika wonse nawonso umagwa, ndipo ukagwa munthu amafuna kutulukamo. Apa ndi pamene Shlomo Benartzi ndi Richard Thaler anathandiza mu 1995 poonetsa kuti kuwawa kumene munthu amamva kumadalira kuti amayang'ana kangati. Tiyerekeze kuti pa masiku 100 msika wakwera masiku 54 ndipo watsika masiku 46, mofanana kukula kwake. Munthu ameneyu wapindula, koma ngati ankayang'ana tsiku lililonse, masiku 46 otsikawo akawachulukitsa ndi 2.25 amamulemera ngati masiku opitirira 103, poyerekeza ndi 54 okoma. Iye adzamva ngati waluza ngakhale akaunti yake yakula. Woyang'ana kamodzi pachaka saona kukwera ndi kutsika kwa tsiku ndi tsiku, amangoona zotsatira zake. Lero mitengo ili pafoni ndipo uthenga wa m'magulu a anthu ogula masheya umalowa usana ndi usiku, choncho kusayang'ana kwasanduka ntchito imene munthu ayenera kuikonzekera, monga kusankha masiku awiri pachaka owerengera akaunti ndi kuzimitsa mauthenga a mitengo masiku ena onse.

Zofooka za njira imeneyi ndi ziwiri. Choyamba, munthu amavomereza kuti sadzaposa msika, ndipo kwa wodzikhulupirira kuvomereza kumeneku n'kowawa kuposa kuluza kwenikweniko, makamaka mnzake akamasimba za kampani imodzi imene yamuwirikizira ndalama katatu. Chachiwiri, matumba otsika mtengo otsata msika wonse amapezeka mosavuta m'misika ikuluikulu monga ya ku America, ku Britain ndi ku Johannesburg, pamene pamsika waung'ono munthu angafunike kudzimangira yekha pogula makampani a m'magawo osiyanasiyana, ndipo ngakhale atatero mabanki ndi makampani ochepa akuluakulu ndi amene amatenga gawo lalikulu.

Mwa njira zinayizi, ine ndimaika patsogolo yachinayi kwa ndalama zambiri za munthu wamba, chifukwa ndi yokhayo imene imakhudza mavuto onse awiri nthawi imodzi. Amene amafunabe kusankha makampani angapatule gawo laling'ono, mwina limodzi mwa magawo khumi, n'kuliyendetsa ndi kope la zifukwa lija, kenaka chaka chilichonse n'kuyerekeza phindu la gawolo ndi la msika wonse atachotsa zolipira zonse. Ngati kwa zaka zitatu gawolo likutsalira m'mbuyo, yankho la funso loti kodi ali ndi luso losankha lapezeka. Tiyeneranso kunena mwachilungamo kuti si aliyense wosunga masheya otsika amene akulakwa. Ngati zifukwa zimene anagulira zikadalipo ndipo ndi mtengo wokha umene watsika, kusunga kapena kugula ena ndi nzeru. Chizindikiro cha matendawa ndi mawu amene munthu amagwiritsa ntchito: akamafotokoza za malonda ndi ngongole za kampani ndiye kuti akuyang'ana kutsogolo, koma akamati akudikira kuti abweze ndalama yake ndiye kuti wamangidwa ndi mtengo wakale.

Mawu omaliza amenewa ali ndi msampha wapadera m'dziko limene ndalama yake ikuchepa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu inatsatira. Munthu wa chitsanzo chathu akadikira zaka ziwiri mpaka masheya ake a K700,000 atabwerera pa K1,000,000, adzagulitsa ali wokhutira kuti sanaluze. Koma ngati mitengo ya zinthu inkakwera ndi 25 peresenti pachaka m'zaka zitatu zonse chigulireni masheyawo, K1,000,000 imeneyo idzagula zinthu zimene K512,000 inkagula pa tsiku limene anaiika pamsika.